Lipoti la Miyezi Isanu ndi Umodzi: Polojekiti ya Madzi ndi Ukhondo m'boma la Chikwawa, Okutobala 2023 mpaka Malichi 2024

Kwa otithandiza ndi ndalama

Lipotili lachokera m'makope a alangizi athu anayi, omwe amalemba m'Chichewa tsiku ndi tsiku, m'kaundula wa makomiti a mijigo ndi m'mabuku a ndalama. Lachingerezi lomwe likupita kwa inu lili ndi mfundo ndi manambala omwewa. Ili lasungidwa m'Chichewa kuti makomiti a chitukuko a kwa Mfumu Yaikulu Ngabu ndi Mfumu Yaikulu Lundu aliwerenge ndi kutsutsa pomwe sakugwirizana napo. Pomwe mlangizi analemba kuti "kunabwera anthu ambiri" koma kaundula wosainidwa palibe, msonkhanowo tautchula koma anthuwo sitinawawerengere.

Mwachidule

Ntchito yokonza mijigo yakale yapyola pulani. Yokumba yatsopano yatsalira kwambiri, ndipo sidzatha ndi ndalama zomwe zinaikidwa poyamba. Pa K168 miliyoni ya gawo lino tagwiritsa ntchito K131 miliyoni, yomwe ndi 78 peresenti.

Chizindikiro 1: Mijigo yatsopano

Pulani: 12. Yomwe tawerengera: 7 (58 peresenti).

Mjigo timauwerengera ukakumbidwa, pampu ya Afridev itaikidwa, madzi atapimidwa ku labotale ya boma, ndipo waperekedwa m'manja mwa komiti. Kontilakitala anakumba malo 9. Pamalo amodzi madzi sanapezeke. Pena madzi anatuluka ambiri koma amchere, vuto lodziwika bwino m'chigwa cha Shire. Kope la mlangizi likuti mjigowo ukugwira ntchito, ndipo n'zoona amayi akuchapirapo ndi kumwetserapo mbuzi. Koma madzi akumwa akutungabe kumtsinje, choncho sitinauwerengere.

Chomwe chinatiimitsa kwambiri ndi kugwa kwa kwacha. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Ndalama za gawo lino tinali titazisintha kale kukhala makwacha mu Okutobala, kotero kusinthaku sikunatibweretsere phindu lililonse. Tinangokumana ndi mitengo yatsopano. Mapampu ndi dizilo zimachokera kunja, ndipo simenti ndi mapaipi nazo zinakwera. Kontilakitala anaimitsa ntchito kwa milungu isanu mpaka titagwirizana mtengo wina: K10.5 miliyoni pa mjigo, m'malo mwa K7.5 miliyoni. Mijigo itatu yokha ndiyo inakumbidwa pa mtengo wakale. Wamchere uja tinalipira wonse, ndipo pamalo pouma tinalipira K4.5 miliyoni ya kubowola basi, malinga ndi mgwirizano. Pa K90 miliyoni ya mijigo yatsopano patsala K10.5 miliyoni, yokwanira mjigo umodzi pa isanu yotsala.

Chizindikiro 2: Mijigo yokonzedwa

Pulani: 20. Yokonzedwa: 23.

Yambiri mwa iyi inakwiririka ndi matope pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Titaitsegula tinapeza kuti ina inangofunika kutsuka, kuthira kolorini ndi kusintha marabala ndi ndodo zochepa. Zipangizo tinagula kwacha isanagwe, n'chifukwa chake tinatha kuwonjezera itatu yomwe ofesi ya zamadzi kuboma inatipempha.

Chizindikiro 3: Anthu opeza madzi abwino

Pulani: 8,000. Tafikira: 7,500 (94 peresenti).

Nambalayi iwerengedwe mosamala. Tatsata muyezo wa boma wa anthu 250 pa mjigo umodzi, kuchulukitsa ndi mijigo 30. Kaundula wa makomiti akuonetsa anthu 10,900 omwe akutunga pa mijigoyi. Tikanalemba nambala yaikuluyo lipoti likanaoneka lokongola, koma anthu oonjezerawo ndi chizindikiro cha kuthithikana, osati cha kupambana. Pa mijigo ina kwa Ngabu amayi akumaika ndowa pamzere kusanache n'kubwerera kunyumba dzuwa lili pamutu. Pampu yopopedwa motero sichedwa kutha.

Onaninso kuti 94 peresentiyi yakwera chifukwa cha mijigo yokonzedwa. Midzi isanu yomwe sinakhalepo ndi mjigo ikadali momwe tinaipezera.

Chizindikiro 4: Makomiti a mijigo

Makomiti 30 aphunzitsidwa pa 32 a mu pulani, lililonse la anthu 10. Tinaphunzitsa okhawo omwe mjigo wawo watha. Atatu mwa 30 amenewa ndi a mijigo yomwe tinawonjezera pokonza, choncho asanu a midzi yotsala adikira. Mwa mamembala 300, amayi ndi 186, kapena 62 peresenti, kupyola 60 yomwe tinagwirizana. Komabe apampando achizimayi ndi anayi okha, pomwe asungichuma achizimayi ndi 27. Midzi ikukhulupirira amayi pa ndalama, koma mpando ikupereka kwa abambo. Chizindikirochi sichifunsa zimenezi. Tazilemba chifukwa alangizi atatu anazitchula paokha.

Chizindikiro 5: Thumba lokonzetsera mjigo

Pulani: makomiti 80 pa 100 alionse akhale ndi K50,000 kapena kuposerapo. Afikapo: 13 mwa 30 (43 peresenti).

Apa ndi pomwe tikuda nkhawa koposa. Khomo lililonse limayenera kusonkha K500 pamwezi. Zopereka zinayenda bwino mpaka Disembala, kenako zinaduka. Mvula inadula pakati pa dzinja chifukwa cha El Niño, chimanga ndi mapira zinafota, ndipo pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, kuphatikizapo Chikwawa. Msungichuma wina anauza mlangizi wathu kuti sangapite kukatolera ndalama pakhomo pomwe ana agona ndi njala, ndipo mfumu ya mudziwo inamuikira kumbuyo. Sitinawakakamize. Kutsekera munthu mjigo chifukwa cha K500 n'kumubwezera kumtsinje, m'boma lomwe linavutika ndi kolera mu 2022 ndi 2023.

Ngakhale K50,000 yomweyo tsopano ikugula zipangizo zochepa kusiyana ndi pomwe tinkalemba pulani. Makomiti asanu omwe anaika ndalama zawo ku banki mkhonde ndiwo ali ndi thumba lonenepa, ndipo tikufuna kuyesa njirayi kwina.

Chizindikiro 6: Midzi yosiya kudzithandiza patchire

Pulani: 15. Yotsimikizidwa: 0.

Midzi 6 yanena kuti khomo lililonse lili ndi chimbudzi chovindikira ndi mpondagiya, ndipo alangizi a zaumoyo aboma avomereza. Koma gulu la boma lotsimikizira silinafike m'midziyi, choncho sitingalembe 6. Midzi 9 yotsalayo ili pa dothi lamchenga pomwe maenje akugumuka. Amisiri a m'midzi ayamba kuyesa kumangira maenje ndi njerwa.

Ndalama

Mzere wa mafuta ndi maulendo wapyola bajeti ndi 19 peresenti, kudutsa malire a 10 peresenti omwe mgwirizano umalola popanda chilolezo chanu. Mtengo wa mafuta unakwera kwacha itangogwa. Mzere wa ukhondo watsalira chifukwa kutsimikizira midzi ndi miyambo yake sizinachitike. Mizere ina ili mkati mwa malire.

Zomwe tikupempha

Choyamba, mutilole kugwiritsa ntchito makwacha owonjezera omwe gawo lachiwiri lidzabweretse likasinthidwa pa mtengo watsopano, kuti tipeze K42 miliyoni ya mijigo inayi yopanda ndalama. Chachiwiri, tsiku lomaliza kukumba lisunthidwe kufika pa 30 Sepitembala 2024, kuti tikumbe m'chilimwe madzi apansi atatsika, titapimanso malo onse asanu pofuna kupewa mchere. Chachitatu, muvomereze kupyola kwa mzere wa mafuta. Chachinayi, chizindikiro cha thumba lokonzetsera chiyezedwenso mu Juni 2025, anthu atakolola.

Mukakana pempho loyamba, tidzakumba mjigo umodzi wokha, ndipo komiti ya chitukuko ya dera ndiyo idzasankhe mudzi. Tikupempha yankho pasanafike pa 15 Meyi 2024, chifukwa mtengo womwe kontilakitala watipatsa utha mphamvu kumapeto kwa mwezi umenewo.

Woyang'anira Polojekiti
Chikwawa, 15 Epulo 2024