Anapita ku Joni: ndondomeko ya chionetsero cha katundu ndi mawu a anthu a Wenela

Kwa: Komiti yoyang'anira nyumba yathu ya zionetsero, Blantyre
Kuchokera kwa: Wokonza chionetsero
Nthawi: 4 Epulo mpaka 30 Juni chaka chamawa

Mutu wa chionetsero

Wachinyamata wa ku Blantyre akamva dzina loti Wenela amaganiza za depoti ya mabasi basi. Ambiri sadziwa kuti dzinali ndi la bungwe lomwe linkalemba amuna ntchito ya m'migodi ya golide ku South Africa, lomwe pambuyo pake linadziwika kuti Theba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi imeneyo. Ena ambiri anali m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi ku Zimbabwe.

Chionetserochi chikunena chinthu chimodzi: ulendo wa ku Joni unali wa banja lonse. Mwamuna akamatsika pansi pa mgodi, mkazi anali kumunda yekha, ana m'manja mwa amalume awo. N'chifukwa chake chipinda chachikulu kuposa zonse ndachipereka kwa otsala pakhomo. Katundu yense ndi wobwereka kwa mabanja. Pakadali pano mabanja 14 a ku Ntcheu, Dedza, Mulanje ndi Mzimba avomera.

Pakhonde: kunyamuka

Mlendo adzayambira pakhonde, pomwe padzakhala mapu aakulu osonyeza njira ziwiri. Ina ndi ya selefu, ya anthu omwe ankadziyendera okha pansi, kuwoloka Zambezi, kumagwira maganyu m'njira. Kamuzu Banda ali mnyamata anadutsa njira yotereyi, kuima ku Hartley, ku Southern Rhodesia, asanafike ku Johannesburg. Ina ndi ya Wenela: kuyezedwa thupi, kudinda chala, kenako ndege yopita ku Francistown, ku Botswana, ndi sitima yokafika ku Joni. Pambali padzakhala chiphaso cha msonkho, chifukwa msonkho wa atsamunda ndi thangata ndi zina mwa zomwe zinkachotsa amuna m'midzi. Pano tisachedwetsepo anthu.

Chipinda choyamba: pansi pa mgodi ndi kukomboni

Tidzatseka mazenera, kuwala kudzachokera ku nyali ziwiri zokha. Pakati padzakhala chipewa cholimba cha mumgodi, magambuti ndi kachibangiri kokhala ndi nambala ya munthu. Kukhoma tidzamanga bedi la simenti lofanana ndi a m'makomboni, ndipo aliyense wofuna adzaloledwa kugonapo. Mwana wa sukulu akagona pa simentiyo mphindi imodzi adzamva zomwe mawu apakhoma sangamuuze.

Mudzamveka mawu a madala atatu akufotokoza za kutentha kwa pansi, fumbi la miyala ndi Fanagalo, chilankhulo chomwe akapitawo ankalamulira nacho. Za chifuwa chachikulu ndi matenda a fumbi m'mapapo azifotokoze eni ake. Pakona padzakhala chithunzi cha Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, yemwe mu 1919 anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town. Iye sanali wokumba pansi pa mgodi, koma ndikufuna alendo aone kuti anthu athu ankathanso kuimirira n'kuyankhula.

Chipinda chachiwiri: otsala pakhomo

Ichi ndi chipinda cha kum'mawa chija, chowala bwino. Kuchoka mumdima kulowa muno, maso adzayamba athobwa, ndipo ndachita dala.

Mudzakhala khasu lotha kumaso, mtondo ndi musi, mphasa zoti anthu akhalepo, ndi makalata. Makalatawa ndiwo mtima wa chionetserochi. Amayi ambiri a nthawiyo sanapite kusukulu, choncho kalata inkalembedwa ndi mwana wa pulayimale kapena mphunzitsi wa m'mudzi, ndipo yankho linkawerengedwa ndi munthu yemweyo. Taganizani mkazi wofuna kuuza mwamuna wake za mumtima, koma mawu ake onse adutse m'manja mwa mwana wa achimwene ake. Kalata ina yomwe atibwereka agogo a ku Ntcheu ili papepala lothothola mu kope, lopindika mpaka kubooka m'mizere. Ikunena za denga lodontha, za mbuzi yomwe anagulitsa ndi za mwana amene wayamba kuyenda bambo ake asanamuone. Pansi pake pali chala chodinda ndi inki. Kalata imeneyi idzakhala yokha m'galasi, ndipo mawu ake adzawerengedwa ndi mdzukulu wawo wamkazi.

Khoma limodzi ndi la matchona, amuna omwe sanabwerenso. Ena anakwatira komweko, ena anamwalira popanda uthenga. Khomali tidzalisiya loyera, pakhale timapepala ndi mapensulo kuti alendo azilemba okha dzina la wachibale, mudzi ndi mfumu yake. Ndikupempha komiti kuti tisalikongoletse ndi chilichonse.

Chipinda chachitatu: kubwera

Muno mukhale chisangalalo, pakuti chinalipodi. Bokosi lachitsulo lotsegula, mabulangete, jekete, wailesi, galamafoni, njinga ya kapamwamba ndi makina osokera. Nyumba zambiri zamalata m'midzi mwathu zinamangidwa ndi ndalama za ku Joni, ndipo ana ambiri anaphunzira nazo. Tikabisa zimenezi madala adzati tawanamizira.

Koma khoma loyang'ana pakhomo lotulukira lidzanena za pa 4 Epulo 1974, tsiku lomwe ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo. Boma linaimitsa ntchito yolemba anthuyi. Inayambiranso mu 1977 koma ndi anthu ochepa, ndipo inatha kuyambira mu 1988 pa mkangano woyeza kachilombo ka HIV. Tasankha kutsegulira pa 4 Epulo chifukwa cha ngoziyi.

Amene tikuwakonzera

Oyamba ndi madala a Theba, akazi awo ndi amayi amasiye. Ambiri miyendo inatha ndipo maso sakuonanso bwino, choncho chipinda chilichonse chikhale ndi benchi, zilembo zikhale zazikulu, Chichewa pamwamba, Chitumbuka ndi Chingerezi pansi pake. Iwowa asalipire pakhomo. Ambiri akudikirabe ndalama zawo za kumigodi, ndipo ena adzabwera poganiza kuti tikulemba mayina a olandira. Olandira alendo awauze mwaulemu, asanalowe n'komwe, kuti kuno sitilemba mayina a malipiro.

Achiwiri ndi ophunzira a sekondale, m'magulu osapitirira 20, Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa. Achitatu ndi achinyamata omwe akukwera mabasi a ku Joni masiku ano ndi abale awo. Chionetserochi sichiwaletsa kupita komanso sichiwalimbikitsa. Loweruka lililonse masana tidzayala mphasa m'chipinda chachiwiri kuti iwo ndi madala acheze, aliyense anene za ulendo wake.

Zomwe ndikupempha komiti

Ndikupempha chilolezo chotseka mazenera ndi kumanga bedi la simenti m'chipinda choyamba, magalasi anayi okhoma ndi loko, ndi ndalama ya thiransipoti yokatengera mabanja obwereketsa pa tsiku lotsegulira. Banja lililonse lidzasaina pepala lonena zomwe labwereketsa, tsiku lobweza, komanso ngati likufuna kuti dzina lake lilembedwe. Makalata sadzajambulidwa ndi foni pokhapokha eni ake atalola. Komiti ikavomera pamsonkhano wa mwezi uno, ntchito yojambula mawu a madala iyamba mu Novembala, mvula isanatseke misewu ya kumidzi.