Ntchito ya Fomu 2: kupanga mawu ndi aphatikiri

Ophunzira nonse, lembani ntchitoyi m'makope mwanu, mubwere nayo Lolemba. M'chiganizo chilichonse muli mawu amene ali m'mabulaketi. Asintheni powonjezera mphatikiram'mbuyo, mphatikiram'tsogolo kapena onse awiri kuti chiganizo chimveke bwino, kenako nenani ngati mwapanga dzina, mfotokozi kapena muonjezi.

Musathamangire kulemba. Yambani mwafunsa kuti mawuwo akugwira ntchito yanji pamalo pamenepo. Akamatchula munthu kapena chinthu, pakufunika dzina. Akamakamba za dzina, pakufunika mfotokozi, ndipo ayenera kugwirizana ndi gulu la dzinalo. Akamanena momwe ntchito yachitikira, ameneyo ndi muonjezi. Chitsanzo: "(lima) wakolola zambiri" yankho lake ndi mlimi, dzina lopangidwa ndi m- koyambirira ndi -i kothera.

1. Mayi uja ali ndi (konda) pa ana ake.
2. (funsa) lanu ndalimva, koma (yankha) lake mulipeza mawa.
3. (bwenzi) wawo unayamba ali ana.
4. Khoti lapereka (weruza) chake lero.
5. Ali ndi (khulupirira) choti achira.
6. Tadula mtengo (kulu) ndi chingwe (tali) chili pomwepo.
7. Musasambe madzi (tentha) kwambiri.
8. Thyola chipatso (psa) chokha.
9. Mtsikana (nzeru) uja wapambana.
10. Lankhulani (ulemu) pamaso pa akulu.
11. Woyendetsa galimoto anakhota (samala).
12. Ndakuitana (wiri) koma sunamve.
13. Anamvera nkhani yonse (ima) chifukwa mipando inatha.

Mayankho, oti muwaone mukamaliza

Mayina: chikondi, funso, yankho, ubwenzi, chiweruzo, chikhulupiriro. Pa nambala 4, amene walemba "woweruza" wapangadi dzina, koma "chake" akukana: akufuna dzina la gulu la chi-.

Afotokozi: waukulu, chachitali, otentha, chakupsa, wanzeru. Apa ndi pamene ndikufuna muikepo mtima. Masinde ngati -kulu, -tali, -fupi ndi -ng'ono amatenga aphatikiram'mbuyo awiri, n'chifukwa chake timati mtengo waukulu, nyumba yaikulu, chingwe chachitali. Mfotokozi wochokera kwa mneni amayenda mwina: cha- akakumana ndi ku- amasanduka cho-, monga chokoma, ndipo a- ndi ku- amapereka o-, monga otentha. Koma mneni wa phatikizo limodzi, monga -psa, -fa ndi -gwa, amasunga ku- wake: chakupsa, wakufa, lakugwa. Nambala 8 ndaiika dala kuti muone zimenezi.

Aonjezi: mwaulemu, mosamala, kawiri, chiimire. Dzina limatenga mwa-, mneni amatenga mo-, yemwe ndi mwa- ndi ku- ataphatikizana. Nambala 13 ndi yovutirapo chifukwa ikufuna chi- koyambirira ndi -ire kothera. Amene mwaipeza, pangani chimodzimodzi ndi gona ndi khala, mulembe chiganizo chimodzi pa mawu alionse.