Manotsi a Fizikisi, Fomu 4: maginito akamagwa kudutsa mu koyilo

Ana anga a Fomu 4, ambiri simunafike Loweruka, makamaka inu ochokera cha ku Linga ndi kutsidya kwa Kaombe, chifukwa cha mvula ija. Ndiye ndalemba zomwe tinachita. Muwerenge muli ndi pensulo m'manja, muzijambula, chifukwa nkhani iyi siilowa m'mutu pongoyang'ana.

Tinatenga kachidutswa ka paipi yapulasitiki, n'kukulungapo waya wakopa maulendo 200. Imeneyo ndiye koyilo yathu. Nsonga ziwiri za waya tinazilumikiza ku galivanomita, ija singano yake imakhala pakati. Batire panalibe. Pansi tinaikapo kathumba ka madeya a mpunga kuti maginito asamenyetseke pasimenti, poti maginito omenyetsamenyetsa amatha mphamvu ndipo tili nawo awiri okha. Kenako tinawaponya m'paipimo, mutu wa N uli pansi.

Singano inagwedera mbali imodzi, n'kubwerera kukagwedera mbali inayo, kenako zii pakati. Titawagwira maginito aja chilili m'kati mwa koyilo, singano sinasunthe ngakhale pang'ono.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Maginito ali ndi mizere ya mphamvu yosaoneka, yotuluka ku N n'kukalowa ku S. Kuchuluka kwa mizere yodutsa m'kati mwa koyilo timati fulakisi. Voteji imabadwa pokhapokha fulakisiyo ikamasintha. Anatulukira zimenezi ndi Michael Faraday wa ku Mangalande mu 1831, ndipo lamulo lake timalemba chonchi:

```
emf = -N × ΔΦ / Δt
```

Emf ndi voteji yobadwayo. N apa ndi chiwerengero cha mikulungo ya waya, osati mutu wa maginito, musasokoneze. ΔΦ ndi kusintha kwa fulakisi, yomwe timaiyeza mu weba, mwachidule Wb. Δt ndi nthawi yomwe kusinthako kwatenga. Tiyerekeze kuti polowa fulakisi yakwera ndi 0.0001 Wb m'masekondi 0.05. Ndiye 200 × 0.0001 ÷ 0.05 = 0.4 V. Mukawonjezera mikulungo, kapena kupeza maginito amphamvu, kapena kuwagwetsa kuchokera pamwamba kuti afike ndi liwiro, voteji ikwera.

Nanga kachizindikiro kochotsera kali kutsogoloko? Kameneko ndi ka Heinrich Lenz, yemwe mu 1834 ananena kuti karenti yobadwa motere imayenda mbali yolimbana ndi kusintha komwe kwaibereka. Mawu oti "kusintha" muwadule mzere kunsi. Chaka chilichonse ndimapeza wina walemba kuti koyilo imakankha maginito, basi. Ayi. Inu okulira kunyanja mukudziwa nkhafi: mukaikankhira kumbuyo madzi amakana, mukaikankhira kutsogolo amakananso, koma mukangoiviika osaisuntha pamadzi odekha simumva kanthu. Koyilo ndi chimodzimodzi. Maginito akamabwera imati usabwere, akamachoka imati usachoke.

Tsopano mbali yoyendera karenti. Sankhani malo amodzi oimapo. Ife tikuyang'ana kuchokera pamwamba, diso lili kukamwa kwa paipi, ndipo sitisuntha mpaka timalize.

Maginito akuyandikira, N ali pansi. Mizere yake ikuloza pansi ndipo ikuchulukirachulukira m'koyilo. Koyilo ikufuna kuletsa zimenezo, ndiye ipanga mizere yakeyake yoloza m'mwamba. Kunena kwina, kumwamba kwa koyilo kwasanduka N kuti kukankhane ndi N wa maginito. Tengani dzanja lamanja, fumbatani ngati mwagwira mpini wa khasu, chala chachikulu chiloze m'mwamba komwe kuli N wa koyilo. Zala zinayi zotsalazo zikukuuzani komwe karenti ikuzungulira. Mukaziyang'ana kuchokera pamwamba, zikuyenda mosemphana ndi mivi ya wotchi.

Maginito akafika pakatikati, fulakisi yafika pachimake. Pa kamphindi kameneko siikukwera, siikutsika, ndiye voteji ndi ziro. Zimadabwitsa, ndikudziwa: pomwe mizere yachulukitsitsa ndi pomwe palibe karenti. Koma bwererani ku lamulo la Faraday muone, mulibe Φ payekha, muli ΔΦ.

Maginito akutuluka kunsi. Mutu womalizira kuchoka ndi S, womwe unali pamwamba. Mizere ikulozabe pansi, koma tsopano ikuchepa. Koyilo ikufuna kubwezeretsa zomwe zikuthawazo, ndiye mizere yake iloza pansi. Kunsi kwa koyilo kwasanduka N kuti kukoke S uja asapite, kumwamba kwasanduka S. Chala chachikulu chiloze pansi tsopano. Kuchokera pamwamba, karenti ikuzungulira motsatira mivi ya wotchi. Yatembenuka, n'chifukwa chake singano inagwedera mbali inayo.

Loweruka mnzanu wina anatsutsa kuti karenti sinatembenuke. Anati polowa, nkhope ya N inali kumwamba, mosemphana ndi wotchi; potuluka nkhope ya N ili kunsi, mosemphana ndi wotchinso. Anaganiza bwino ndithu, koma anasintha poima. Kachiwiriko anali atagona chagada, kuyang'ana kuchokera pansi. Jambulani muvi wozungulira papepala lopyapyala, mulitembenuze muyang'ane kuseri kwake padzuwa: womwe unali wosemphana ndi wotchi waoneka wotsatira wotchi. Choncho pa mayeso a MSCE, musanalembe mbali iliyonse, yambani ndi kunena komwe mukuyang'anira. Dziwaninso kuti karenti tikunenayi ndi ija ya m'mabuku, yochoka ku + kupita ku −. Ma elekitironi enieniwo amayenda mobwerera. Zoti singano iyamba kugwedera kumanja kapena kumanzere zimangotengera mmene mwalumikizira mawaya ku galivanomita.

Akakuuzani kuti mujambule girafu ya voteji ndi nthawi, mujambule kaphiri kamodzi pamwamba pa mzere, kenako kena kunsi kwa mzere. Kachiwiriko kakhale kakatali koma kopyapyala, chifukwa potuluka maginito akuthamanga kuposa polowa. Ngati fulakisi yomwe ija ya 0.0001 Wb yatha m'masekondi 0.04, voteji ndi 0.5 V. Koma kukula kwa malo a m'kati mwa timapiri tiwirito n'kofanana, poti fulakisi yomwe inalowa ndi yomweyo yatuluka.

N'chifukwa chiyani koyilo iyenera kukana, osati kuthandiza? Tangoganizani ikanati izikoka maginito polowa n'kuwakankha potuluka. Maginito akanathamanga kwambiri, karenti n'kukwera, kukoka n'kukulanso, tikanapeza magetsi aulere popanda wogwira ntchito. Chilengedwe sichilola zimenezo. Mphamvu ya magetsi yomwe yagwedeza singano yachotsedwa ku liwiro la maginito, ndipo amafika pa madeya paja mochedwerako pang'ono kuposa akanagwa popanda koyilo. Ndi maginito athuwa kuchedwako simungakuone ndi maso. Koma funsani wakabaza yemwe njinga yake ili ndi dayinamo: akayatsa nyali, kupalasa kumalemerako. Ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira madzi a Shire ndi omwe amalimbana ndi kukana komweku pozunguza majenereta. Masola a ku Salima aja ndi nkhani ina, mulibe maginito ozungulira, musawalembe ngati chitsanzo.

Mukamasula waya umodzi ku galivanomita, voteji imabadwabe pansonga za koyilo, koma karenti ilibe podutsa. Popanda karenti koyilo siisanduka maginito, ndiye palibe choletsa kugwa.

Lolemba mubwere mutayankha izi m'makope: maginito omwe aja tawatembenuza, S ali pansi. Jambulani zithunzi zitatu, polowa, pakati ndi potuluka. Pa chithunzi chilichonse mulembe chomwe kumwamba kwa koyilo kwasanduka, ndi komwe karenti ikuzungulira mukayang'ana kuchokera pamwamba. Amene kwawo kuli fani yakufa abweretse, tikufuna waya wa koyilo yachiwiri.