Pempho loika mabagalabazi ndi kupenta nyumba ya ku Nchalo

Wawa bambo,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Blantyre pamodzi ndi amayi. Ife kuno ku Nchalo tilipo, kungoti mtima wanga sunakhale m'malo ndi zimene zatigwera sabata ino.

Usiku wa Lachiwiri akuba anatipisa pawindo la kuchipinda kwa ana. Sanathyole kanthu, windolo tinalisiya tokha lotsegula. Kutentha kwa kuno mu Okutobala mukukudziwa, tikatseka mawindo ana sagona, amangogubuduzika ndi thukuta mpaka kucha. Anthuwo anang'amba neti ndi lezala, n'kutenga foni ndi chikwama cha kusukulu cha Chisomo chimene chinali kumutu kwa bedi. Za katunduyo sindikudandaula kwenikweni. Chikundisowetsa tulo n'chakuti dzanja la munthu linadutsa pamwamba pa mutu wa mwana wanga ali m'tulo.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti mundilole ndiike mabagalabazi m'mawindo onse anayi. Wowotcherera zitsulo wa pamsika anabwera dzulo kudzayeza, ndipo wati ntchito yonse ndi K180,000. Ndalamayi ndilipira ndekha, sindidula pa lendi. Ndamufunsitsa za khoma, wati sagumula paliponse, zitsulozo azimanga ndi mabawuti pamafelemu a matabwa aja. Koma ndamuuza kuti asayambe kudula chitsulo mpaka inu mutayankha, poti nyumba ndi yanu.

Pempho lina ndi la penti. Chichokereni madzi a namondwe Freddy mu 2023, pabalaza padakali mzere wa matope wolekeza m'mawondo, ndipo m'munsi mwake penti imangoyoyoka ngati ufa, ungasese m'mawa madzulo yagwanso. Ndikufuna kupala pamenepo, kumata simenti pamene pakumbika, kenako n'kupaka ya buluu wowalirako pabalaza ndi kuchipinda kwa ana. Kunja sindikhudzako.

Tsiku limene ndidzatuluke, ndidzakubwezerani nyumba mmene munandipatsira. Makoma ndidzapakanso yoyera ija ndi ndalama zanga. Mabagalabazi ndidzamasula n'kutseka mabowo a mabawuti, kapena ngati mudzawafune atsale, tidzakambirana mtengo nthawi imeneyo. Pakadzapezeka powonongeka chifukwa cha ntchitoyi, mudzadule pa dipoziti yanga, sindidzatsutsa. Mukavomera, tilemberane papepala, achimwene anu amene amadzatenga lendi aja asainire ngati mboni, ndipo ndijambula zithunzi za makoma ndi mawindo ntchito isanayambe kuti tonse tikhale nazo.

Za pentizo zikhoza kudikira mpaka mutabwera kudzaona nokha. Koma za mawindo chonde bambo mundiyankhe lisanafike Loweruka, chifukwa pano anawa ndikugona nawo pabalaza, pamphasa, mawindo onse ali chitsekere.

Zikomo kwambiri,
Ine mayi a Chisomo