Khasu la Kamba: nthano ndi mafunso a ophunzira a zaka 8

Werengani nthano iyi kawiri, poyamba mokweza pamodzi ndi aphunzitsi anu, kenaka chamumtima panokha, ndipo mukatero muyankhe mafunso m'makope mwanu.

Kalekale, mvula yoyamba itagwa, Kalulu anapita kwa Kamba kukabwereka khasu chifukwa lake linali litatha. Kamba anamupatsa, koma anati, "Bwenzi langa, khasu ndili nalo ndi lomweli, ndiye ubweze mawa dzuwa lisanalowe."

Kalulu anafuna kumaliza munda wonse tsiku limodzi, choncho analima mothamanga osayang'ana pansi. Khasu linamenya mwala ndipo mpini unathyoka. Poopa kuuza mnzake, Kalulu analibisa m'tchire usiku, popanda womuona. M'mawa anapita kwa Kamba akulira, nati, "Fisi waba khasu lako!"

Kamba anakadandaula kwa mfumu Njovu, ndipo nyama zonse zinasonkhana pabwalo. Fisi anakana kwamtuwagalu. Njovu anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anafunsa Kalulu kuti, "Tiuze, khasu limene Fisi anatengalo linali lotani?" Kalulu anayankha msangamsanga kuti, "Zikomo mfumu, linali lakuthwa, la mpini wothyoka." Kamba anadabwa nati, "Wothyoka? Ine ndinakupatsa khasu la mpini wabwinobwino." Kalulu anazyolika, ndipo pambuyo pake anaulula zonse. Njovu analamula kuti Kalulu apepese kwa Fisi pamaso pa nyama zonse, aseme mpini watsopano, ndiponso akalime munda wa Kamba.

Gawo loyamba: mayankho ali m'nthanomo

1. Kodi Kalulu anakabwereka chiyani kwa Kamba?
2. Kamba ananena kuti khasu libwezedwe nthawi yanji?
3. Mpini utathyoka, Kalulu anabisa kuti khasu?
4. Ndani amene anaweruza mlandu pabwalo?

Gawo lachiwiri: ganizani musanalembe

Yankhani m'ziganizo zathunthu, ndipo pamene funso likufuna chifukwa, gwiritsani ntchito mawu akuti "chifukwa" m'yankho lanu.

5. N'chifukwa chiyani khasu la Kamba linamenya mwala?
6. Lembani zinthu izi motsata momwe zinachitikira: Kalulu aulula zonse, mpini uthyoka, nyama zisonkhana pabwalo, Kalulu anamizira Fisi.
7. Nthano ikuti Kalulu anazyolika. Kodi pamenepa iye ankamva bwanji mumtima mwake, ndipo n'chiyani chinamuchititsa kumva choncho?
8. Ndi mawu ati a Kamba amene akusonyeza kuti khasulo linali lofunika kwambiri kwa iye?

Gawo lachitatu: perekani maganizo anu ndi umboni wake

Mafunso awa alibe yankho limodzi lokha. Kambiranani awiriawiri poyamba, kenaka aliyense alembe payekha, ndipo yankho lililonse litchule chinthu china chochitika m'nthanomo chimene chikugwirizana ndi maganizo anuwo.

9. Njovu sanafunse Kalulu kuti, "Kodi ukunama?" M'malo mwake anafunsa kuti khasulo linali lotani. Mukuganiza kuti anasankhiranji funso limeneli, nanga yankho la Kalulu linaonetsa chiyani chimene iye ankabisa?
10. Kalulu anathyola mpini, anabisa khasu, ananamiziranso Fisi. Mwa zinthu zimenezi, ndi chiti chimene inu mukuona kuti chinali choipa koposa? Fotokozani chifukwa chake.
11. Kodi chilango chimene Njovu anapereka chinakonza zonse zimene zinalakwika? Poyankha, ganizirani za Kamba ndiponso za Fisi, amene anaitanidwa pabwalo asanalakwe kalikonse.
12. Tiyerekeze kuti Kalulu anapita kwa Kamba mpini utangothyoka. Lembani ziganizo zitatu zosonyeza zimene awiriwa akanalankhulana.

Mawu kwa aphunzitsi

Gawo loyamba lisatenge nthawi yaitali, pakuti cholinga chake n'kungoona ngati mwana watsata nthano. Funso la 9 ndilo lofunika kulipatsa mpata wokwanira. Ana ena adzangolemba kuti Njovu anali wanzeru, ndipo yankho limeneli silolakwika, koma muwafunsenso kuti aloze mawu enieni amene Kalulu anadzigwiritsa nawo yekha. Mwana amene waona kuti Kalulu sananenepo za mpini wothyoka kwa Kamba, koma anatchula yekha pabwalo, ndiye kuti wamvetsa nthanoyi ngakhale kalembedwe kake kakhale ndi zolakwika zina. Pa funso la 10, landirani yankho lililonse limene lili ndi chifukwa chomveka. Ophunzira amene akuvutikabe kulemba ziganizo zazitali aloledwe kuyankha gawo lachitatu pakamwa, kapena kuchita sewero la funso la 12 pamaso pa anzawo.