Zomwe taphunzira pa pulojekiti ya mijigo ku Chikwawa, werengani musanayambe ya ku Nsanje

Anzanga nonse muli bwanji. Izi ndi zomwe tinagwirizana Lachinayi lija pa msonkhano wotsekera pulojekiti. Lipoti lalikulu lapita kale kwa madona, koma lija likangotumizidwa palibenso amalitsegula, nde izi ndalembera inuyo amene mukukayamba ntchito ku Nsanje, komanso a akaunti ndi a zogulagula.

Nkhani yomwe inatidyera nthawi kwambiri ndi ya madzi amchere. Pa mijigo 12 imene tinakumba, 3 ya mbali ya kwa Ngabu madzi ake ndi owawa, anthu akungochapira ndi kumwetsa mbuzi, akumwa akukatungabe kutali komwe ankatunga kale. Chowawa nchoti amayi a m'midzimo anatiuza tisanakumbe, kuti kumunsi uko mjigo wakale anausiya chifukwa cha mchere, koma mawu awo sanalowe pa pepala lina lililonse, anangothera pansi pa mtengo. Kontirakiti nayo inati kontirakitala alipidwe pa mita iliyonse imene wakumba, nde iye madzi akhale abwino kaya oipa zake zinali zoti makina alowe pansi basi. Tagwirizana kuti pa fomu yosankhira malo pakhale funso la mijigo ndi zitsime zomwe anthu anazisiya komanso chifukwa chake, ndipo madzi aziyezedwa mchere simenti isanathiridwe, pampu isanaikidwe. Gawo lomaliza la ndalama lizituluka zotsatira zikabwera. Bambo a zogulagula, izi mulowetse mu kontirakiti yomwe timakopera ija mwezi uno usanathe, osati kudikira tenda ina.

Nthawi yokumbira tinaiphonya. Ndalama zinafika mochedwa, ife nkuthamangira kukumba mu Januwale, lole ya makina inatitimira m'makande masiku angapo tikulipira anthu ongokhala. Komanso kukumba nthawi ya mvula kumanamiza, madzi amaoneka ambiri, ikafika Okutobala mjigo wayamba kutulutsa mphepo. Ndalama zikachedwa pemphani madona asunthe kalendala, kumbani kuyambira Meyi mvula isanabwerenso.

Za bajeti ndi zachidule. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mapaipi, simenti ndi mapampu a Afridev zonse zinakwera ife tisanagule. Gulani zida zochokera kunja ndalama zikangofika. Mayi a akaunti avomera kuika mzere wa zida zimenezi mu bajeti yatsopano.

Zinayenda bwino ziliponso ndipo musazitaye. M'midzi momwe komiti ya mjigo inaphunzitsidwa makina asanafike, anthu anatuta okha mchenga ndi njerwa, ndipo mpaka pano akusonkha ndalama mwezi ndi mwezi, kwina anazilumikiza ndi banki mkhonde yawo, labala ikatha amagula okha osatiimbira foni. Komwe tinaphunzitsa mjigo utatha kale amati ndi mjigo wa bungwe, ukaonongeka akudikira ife. Makaniki wa m'dera nayenso muzimutenga tsiku loika pampu, aone ndi maso ake mapaipi alowa angati.

Mawu pang'ono za kalembedwe ka tsambali, poti zinandikhudza. Pa msonkhano ambiri analemba pa timapepala kuti kulumikizana kunali kovuta, kapena tizikonzekera bwino. Zimenezi tinazikana, osati kuti ndi zabodza ayi, koma munthu amene sanalipo achita nazo chani? Tinafunsana mpaka zinatuluka kuti mfumu ya mudzi wina inamva za tsiku lokumba makina ali kale pabwalo, chifukwa uthenga unadutsira kwa munthu mmodzi yemwe foni yake inali itafa. Nde chomwe talemba nchoti afumu, wapampando wa komiti yachitukuko ndi mlangizi wa zaumoyo aziuzidwa onse atatu kutatsala sabata kuti ntchito iyambe. Chilichonse pano chili ndi mwini wake ndi pepala lomwe chikalowemo. Mayina a olakwa sitinalembe dala, tikanatero madalaivala ndi anyamata a kumunda sakanayankhula, chonsecho za makande ndi za foni ija anatiuza ndi iwowo, mabwana atatuluka kaye panja. Mukamadzatseka yanu muwapatse mpata womwewo, ndipo musadikire kumapeto, muzilemba miyezi itatu iliyonse anthu asanaiwale kapena kuchoka ntchito.

Tsambali ndaliika koyambirira mu foda ya pulojekiti ya Nsanje, ndipo pa msonkhano wanu woyamba liwerengedwe mokweza musanakambe za bajeti. Ndidzayang'ana kontirakiti ndi fomu zija pa 30 ngati zasinthidwa. Za midzi 3 ya madzi amchere ija sitinatseke, Lolemba tikukakumana ndi afumu kukambirana zokumba pena kumtunda.

Zikomo, ndine mnzanu woyang'anira pulojekiti.