Ndemanga pa chikonzero cha kafukufuku wa amayi ochita malonda a nsomba ku nyanja ya Chilwa

Zomba, 14 Okutobala 2024

Mayi,

Ndawerenga chikonzero cha kafukufuku wanu wa digiri yachiwiri chomwe mwachipatsa mutu wakuti "Zotsatira za kusintha kwa nyengo pa miyoyo ya amayi ochita malonda a nsomba ku nyanja ya Chilwa". Ndemanga zangazi zakhudza zigawo zitatu zokha, ndizo kafotokozedwe ka vuto, zolinga, ndi funso lakuti ntchitoyi ingatheke kapena ayi ndi nthawi ndi ndalama zomwe muli nazo. Chikonzerochi sichinafike poti n'kupita ku komiti ya dipatimenti, koma muli funso labwino kwambiri lomwe mwalibisa pa tsamba lachinayi, ndipo zambiri zomwe ndalemba pano zikukupemphani kuti mulitulutse, likhale mutu wa ntchito yonse.

Masamba awiri oyamba a gawo la vuto akukamba za kutentha kwa dziko lonse, za misonkhano ya mayiko ndi za umphawi wa mu Afirika, ndipo dzina la Chilwa likuyamba kuoneka pa tsamba lachitatu. Amene adzawerenga chikonzerochi amadziwa kale zonsezo. Chimene adzafuna kumva n'chakuti, pa nyanja imeneyi, ndi chiyani chikuchitika, chikuchitikira yani, ndipo ndi mbali iti yomwe ofufuza am'mbuyomu sanaifotokoze. Chiganizo chanu chakuti "palibe kafukufuku yemwe wachitika pa nkhaniyi" muchichotse, chifukwa si choona. Chilwa ndi imodzi mwa nyanja zomwe zafufuzidwa kwambiri m'dziko muno kuyambira m'zaka za m'ma 1960, inalembedwa pa mndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar, ndipo kuyambira mu 2010 munali pulogalamu yothandiza anthu a m'chigwachi kupirira kusintha kwa nyengo, yomwe inagwira ntchito ndi magulu a amayi oyanika nsomba. Woyesa mayeso akangowerenga chiganizo chimenecho adzaganiza kuti simunawerenge, ndipo zina zonse adzaziwerenga ndi maso okayika.

Vuto lalikulu la gawoli ndi lakuti mwayamba ndi yankho. Mwalemba ngati zotsimikizika kuti kusintha kwa nyengo ndiko kwachepetsa nsomba, ndi kuti kuchepa kwa nsombako ndiko kwasaukitsa amayi. Koma Chilwa ndi nyanja yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo kuphwa ndi kudzazanso ndi chikhalidwe chake: inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo madzi anachepa kwambiri mu 2012 ndi mu 2018. Mitsinje ya Domasi ndi Likangala imapatutsidwirako madzi ku masikimu a mpunga isanafike m'nyanja, dothi lokokoloka kumtunda limakwirira madambo, ndipo makoka a maso ang'onoang'ono amagwira nsomba zisanakule. Sindikukana kuti nyengo ikusintha. Ndikungonena kuti mafunso ofunsidwa kamodzi kokha kwa amayi a pa doko sangathe kulekanitsa gawo la nyengo ndi gawo la zifukwa zinazi, choncho simungalonjeze kuti mudzaonetsa chimene njira yanu singathe kuonetsa.

Tsopano onani tsamba lachinayi. Pamenepo mwalemba, mongodutsa, kuti amayi a pa doko la Kachulu anakuuzani kuti mvula ikagwa matemba ali poyanika, amaola kapena kuda, ndipo amawagulitsa motchipa kapena kwa oweta ziweto. Mwawonjezanso kuti ngakhale pali nyumba zoyanikiramo nsomba zofolera ndi pulasitiki, amayi ambiri amayanikabe pansi kapena pa mathandala. Funso lanu lili pamenepo. Kodi mayi amataya nsomba zochuluka bwanji ndi ndalama zingati pakati pa kugula kwa msodzi ndi kugulitsa kumsika, kodi kutayako kumasiyana bwanji malinga ndi kayanikidwe, nanga n'chifukwa chiyani njira yomwe akuti imateteza nsomba siikugwiritsidwa ntchito ndi ambiri? Limeneli ndi funso lomwe munthu mmodzi angathe kuliyankha m'chaka chimodzi, ndipo yankho lake a ku ofesi ya usodzi ya boma angaligwiritse ntchito. Nyengo idzakhalamobe, koma ngati chinthu chozungulira nkhaniyo, osati chomwe mukuyesa. Nambala yomwe mwalemba, yakuti nsomba 40 pa 100 zilizonse zimawonongeka, simunanene komwe mwaitenga. Muipezere gwero lake, munenenso kuti ndi ya nyanja iti, mtundu uti wa nsomba ndi chaka chiti, apo ayi muisiye.

Zolinga zanu zisanu zikulondola mbali zosiyanasiyana. Choyamba, chofufuza m'mene mvula yasinthira kwa zaka 30, ndi kafukufuku wina payekha wofuna luso lomwe maphunziro anu sanakupatseni, ndipo ndikupempha kuti chichoke. Ndime imodzi yofotokoza zomwe ena anapeza kale ikwanira. Chachiwiri, choyesa m'mene nyengo yachepetsera ndalama za amayi, chikugwa pa chifukwa chomwe ndafotokoza kale, komanso chikudalira kuti mayi akumbukire zomwe ankapeza zaka khumi zapitazo, pamene kwacha yagwa mphamvu kangapo, kuphatikizapo mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023, kotero kuti ngakhale atakumbukira bwino, kufananiza ndalamazo kungafune ntchito yomwe simunaitchule. Chachinayi, "kudziwitsa amayi za njira zamakono", ndi ntchito ya alangizi, si cholinga cha kafukufuku, ndipo chikusonyeza kuti mwaweruza kale kuti vuto la amayiwo ndi kusadziwa, pamene mwina nyumba zoyanikiramozo n'zochepa, zili kutali ndi pomwe mabwato amakocheza, pulasitiki wake anang'ambika, kapena ndi za mamembala a gulu okha. Chachisanu, chopereka malangizo ku boma, chimadza chokha m'mutu womaliza.

Chotsala ndi chachitatu, chokhudza kuwonongeka kwa nsomba poyanika, ndipo chimenechi muchigawe patatu: kuyesa kuchuluka kwa matemba otayika ndi otsika mtengo pa njira iliyonse yoyanikira; kufananiza kutayako pakati pa nyengo yachinyezi ndi nyengo yadzuwa; ndi kufotokoza zifukwa zomwe amayi amasankhira njira ina n'kusiya inzake. Mawu ngati "kumvetsetsa" ndi "kuunika mozama" muwapewe, chifukwa pamapeto palibe angadziwe ngati mwakwaniritsa kapena ayi. Musankhenso mtundu umodzi wa nsomba. Matemba amayanikidwa, pamene mlamba kawirikawiri amauwamba pa moto ndipo makumba ambiri amagulitsidwa aawisi kapena owamba. Kuziphatikiza zonse pa nambala imodzi kudzabisa zomwe mukufuna kuona.

Kayesedwe kake kafunika kukaganizira mofatsa, chifukwa m'chikonzerochi mwangoti mudzafunsa amayi makilogalamu omwe amataya. Pa doko nsomba zimagulidwa pa ndowa kapena pa beseni, ndipo kumsika zimagulitsidwa pa mulu. Palibe amene amazidziwa pa kilogalamu. Mudzafunika sikelo yanu, muyese zotengera zomwe zimagwiritsidwa ntchito pa doko lililonse, ndipo mutsatire nsomba zenizeni kuyambira pogula mpaka pogulitsa. Mukumbukirenso kuti nsomba ikauma imapepuka chifukwa madzi achokamo, ndipo kupepuka kumeneko si kutayika. Mukapanda kusiyanitsa ziwirizi, nambala zanu zidzaonetsa kuti amayi amataya nsomba zoposa theka ngakhale pa tsiku ladzuwa lomwe sanatayepo kanthu. Nsomba zotayidwa kapena zodyedwa ndi mbalame ndi mphutsi muziwerenge pazokha, ndipo zomwe zagulitsidwa pa mtengo wotsika chifukwa chakuda kapena kuthetheka muziwerengenso pazokha. Ndikuganiza kuti ndalama zambiri zimathera pa gulu lachiwirili.

Pa funso lakuti ntchitoyi ingatheke, cholakwika chachikulu chili pa kalendala. Mwaika ntchito ya kunyanja mu Januwale ndi Febuluwale, koma imeneyi ndi nthawi yomwe usodzi wa makoka umatsekedwa pa Chilwa kuti nsomba ziswane, kuyambira mu Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Matemba adzakhala ochepa pa doko, amayi ambiri adzakhala kuminda, ndipo amene mudzawapeza ndi matemba ochuluka sadzamasuka kukuuzani komwe awatenga; inuyo mudzakhala mukusunga uthenga womwe ungawaike m'mavuto. Mukafunse ku ofesi ya usodzi masiku enieni a chaka chino, kenaka mukonze maulendo awiri, wina mu Malichi ndi Epulo mvula isanathere, wina mu Ogasiti kapena Seputembala. Juni ndi Julayi musawawerengere ngati miyezi youma kotheratu, chifukwa mitambo ndi mvula yowaza ya chiperoni zimachedwetsa kuuma kwa nsomba.

Chiwerengero cha amayi 600 m'maboma atatu a Zomba, Machinga ndi Phalombe, m'masabata atatu, ndi othandizira awiri, sichingatheke. Mukagwira ntchito masiku 18, aliyense wa inu atatu adzafunika kufunsa amayi 11 pa tsiku, ndipo pa mphindi 45 zomwe mwawerengera pa munthu mmodzi ndi maola oposa asanu ndi atatu, osawerengera ulendo, kudikira mabwato, ndiponso kuti mayi sangasiye nsomba zake padzuwa kuti akuyankheni. Simunafotokozenso komwe nambala 600 yachokera, ndipo mulibe mndandanda wa amayi onse womwe mungasankhiremo. Ndikupempha kuti mukhale pa madoko awiri a m'boma la Zomba, limodzi mwa iwo Kachulu, mupeze mndandanda kudzera ku makomiti a m'mbali mwa nyanja ndi magulu a amayi, osaiwala omwe sali m'gulu lililonse, ndipo mutsatire mosamala amayi ochepa, mwina 80, m'malo mofunsa mothamanga khamu lalikulu. Za ku Mposa m'boma la Machinga ndi ku Swang'oma m'boma la Phalombe zidzadikira digiri yachitatu, ngati mtima udzakhalapobe.

Bajeti yanu ilibe sikelo, mabwato, malo ogona a othandizira, ngakhale ndalama zomwe komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku imalipiritsa, ndipo pa kalendala mwaipatsa komitiyo sabata imodzi yokha. Muikepo miyezi iwiri, chifukwa kawirikawiri chikonzero chimabwezedwa kuti chikonzedwe. Funso 27, lokhudza kugonana posinthana ndi nsomba, silikugwirizana ndi cholinga chilichonse, ndipo si funso lofunsidwa pagulu ndi wothandizira yemwe sanaphunzitsidwe, lichoke. Mafunso onse muwayese kaye kwa amayi angapo pa doko lomwe simudzagwirapo ntchito, ndipo mmodzi mwa othandizira akhale mzimayi wodziwa Chiyao kapena Chilomwe, makamaka pocheza ndi amayi achikulire.

Chonde lembaninso gawo la vuto lisapitirire tsamba limodzi ndi theka, liyambe ndi matemba a ku Kachulu, ndipo pansi pa cholinga chilichonse mulembe uthenga womwe mudzatolera, kwa yani, ndi chida chiti, mwezi uti. Mutu wa kafukufuku usinthenso kuti ugwirizane ndi zimenezi. Munditumizire zokonzedwazo pamodzi ndi bajeti yatsopano pofika pa 1 Novembala, ndipo tidzakumane mu ofesi yanga Lachiwiri lotsatira, pa 5 Novembala, nthawi ya 10 koloko m'mawa.

Ine,
Mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanu